Masekondi 17 pamaso pa chitseko: momwe amafupikitsira mawu a pa lebulo ya mu myuziyamu

Myuziyamu, nyumba yosungira ndi kuonetsa zinthu zakale, ikasintha timapepala tofotokoza zinthu zake n'kuika taifupi, mkangano suchedwa kubuka. Ena amati akutipeputsa, akutiyesa ana. Ena amati zikomo, tsopano tiwerengako. Amavutana chonchi chifukwa ambiri amaganiza kuti kufupikitsa ndi kutenga lumo n'kudula theka la mawu akale. Ntchitoyi siyenda choncho, ndipo chitseko chosemedwa chimaonetsa bwino chifukwa chake, popeza ndi chinthu chachikulu, chodzaza tianthu ndi nkhani zambirimbiri, pamene woonayo ali ndi kanthawi kochepa zedi.

Lebulo n'chiyani, ndipo ili ndi nthawi yochuluka bwanji

Lebulo ndi kachikwangwani kamene amaika pambali pa chinthu choonetsedwa. Kali ndi mbali ziwiri. Yoyamba ili ngati chiphaso cha chinthucho: dzina lake, amene anachipanga, malo, chaka, zipangizo, ndi nambala yake ya m'kaundula. Yachiwiri ndi mawu ofotokoza, ndipo mkangano wonse umakhala pamenepa.

Mu 2001, Jeffrey Smith ndi Lisa Smith anafalitsa zimene anapeza atayeza nthawi imene anthu ankaima pa zojambula zotchuka mu Metropolitan Museum of Art ku New York. Theka la anthuwo linaima masekondi 17 kapena kucheperapo. Zinali zojambula za utoto osati zitseko, koma chiwerengerochi chimatipatsa poyambira. Munthu wamkulu wowerenga bwino amatha mawu pafupifupi 200 pa mphindi, ndiye pa masekondi 17 amafika mawu 57 basi. Ndipo apa tikunena munthu amene sakuyang'ananso china chilichonse, pamene mlendo wathuyu waima chilili, miyendo yatopa, mwana akumukoka dzanja, kumbuyo kwake kuli anthu ena ofuna kuona. N'chifukwa chake malangizo a kalembedwe a Victoria and Albert Museum ku London amaika lebulo ya chinthu chimodzi pa mawu 50 mpaka 60.

Lebulo imafanana ndi chikwangwani cha pamsewu chimene woyendetsa galimoto amawerenga akudutsa. Sichingamuuze mbiri ya mlatho. Chimamuuza chimodzi chokha chimene maso ake sangaone okha, kuti kutsogoloku mlathowo ndi wopapatiza.

Chitseko chimene tigwiritse ntchito

Mu British Museum muli chitseko cha mbali ziwiri chochokera ku nyumba yachifumu ya ku Ikere, m'chigawo cha Ekiti ku Nigeria. Mfumu ya kumeneko amaitcha Ogoga. Anachisema ndi Olowe wa ku Ise, mmisiri wa Chiyoruba amene anabadwa cha m'ma 1873 n'kumwalira mu 1938, ndipo ntchitoyi amaiika pakati pa 1910 ndi 1914. Mbali iliyonse anaigawa m'mizere yopingasa, mzere uliwonse uli ndi anthu ake. Kumanzere mfumu yakhala pampando itavala chisoti chachifumu, mkazi wake wamkulu ali kumbuyo kwake. Kumanja bwana wachitsamunda akubwera atanyamulidwa m'machila pamodzi ndi gulu lomuperekeza. Anthu a Olowe sagona pathabwa ngati chithunzi cha pandalama yachitsulo ayi: mitu ndi zifuwa zawo zimatulukira kunja, moti kuwala kukawomba chammbali amachita zithunzithunzi.

Mu 1924 chitsekochi chinabwerekedwa kukaonetsedwa pa chionetsero chachikulu cha ufumu wa Britain ku Wembley, mu London. Myuziyamu inafuna kuchigula, Ogoga anakana, kenako anavomera kuchisinthanitsa ndi mpando wachifumu wopangidwa ku Britain. Olowe anasemanso chitseko china cholowa m'malo mwake.

Tsopano nayi lebulo ya mtundu wakale. Si ya British Museum. Ndailemba ndekha potsanzira kalembedwe kamene mungakapeze m'mamyuziyamu ambiri, ndipo zonse zili m'menemo ndi zoona.

"Chitseko ndi thabwa la pamwamba pa khomo. Anthu a Chiyoruba, chigawo cha Ekiti, Nigeria, cha m'ma 1910 mpaka 1914. Mtengo wa iroko, utoto. Luso losema mitengo lakhala mbali yofunika kwambiri ya chikhalidwe cha Ayoruba kwa zaka mazana ambiri, ndipo nyumba zachifumu zinkakongoletsedwa ndi nsanamira komanso zitseko zosemedwa pofuna kusonyeza ulemerero wa mfumu. Chitseko ichi, chomwe chagawidwa m'mizere yopingasa, chikuonetsa kasemedwe ka mmisiri Olowe wa ku Ise (cha m'ma 1873 mpaka 1938), yemwe akatswiri ambiri amamutenga ngati mmodzi mwa osema odziwika kwambiri a mu Afirika m'zaka za m'ma 1900. Zithunzi zake zimadziwika ndi kutumphuka kwambiri, makosi ataliatali ndiponso kuoneka ngati zikuyenda. Zosemedwazo zikukhudza kukumana kwa ulamuliro wa makolo ndi ulamuliro wa atsamunda. Chinaonetsedwa ku Wembley mu 1924 ndipo kenako chinapezedwa ndi myuziyamu."

Pali mawu pafupifupi 120. Tawerengani mawu 57 kuchokera koyambirira muone pamene mlendo wa masekondi 17 uja akuthera. Akuthera pa "chomwe chagawidwa m'mizere". Akuchoka asanamve dzina la Olowe, asanadziwe kuti munthu wakhala pampandoyo ndi ndani. Zimene wanyamula n'zakuti Ayoruba amasema mitengo, zomwe anaziona kale ndi maso asanawerame n'komwe.

Vuto lalikulu silili pa kutalika kokha. Ngakhale munthu woleza mtima amene wawerenga mpaka pamapeto sanauzidwe kuti ayang'ane pati. Mfumu ya pampando sinatchulidwe, machila sanatchulidwe, Ikere sinatchulidwe. Chiganizo chakuti zosemedwazo "zikukhudza kukumana kwa ulamuliro wa makolo ndi ulamuliro wa atsamunda" ndicho mtima wa nkhani, koma achibisa kumunsi ndipo achivundikira ndi mawu osagwirika. Mukadula lebulo imeneyi pakati, mutsala ndi theka loipitsitsa.

Kumene wolemba amayambira

Wolemba wodziwa ntchito amaika pepala lakale pambali n'kukaima pamaso pa chitseko, pamalo enieni amene mlendo amaima. Amadzifunsa kuti diso likuyamba kugwera pati. Pa chitseko chachitali kuposa munthu, diso silimayamba pamwamba ngati powerenga kalata. Limagwera pa chinthu chachilendo, ndipo apa chachilendo ndi munthu wonyamulidwa m'machila. Funso loyamba la mlendo limabadwira pomwepo: ameneyu ndi ndani, akupita kwa yani? Lebulo imene yayamba ndi yankho la funso limeneli yamugwira kale dzanja.

Kenako wolemba amalemba zonse zimene akudziwa, n'kuziyesa chimodzichimodzi ndi muyeso umodzi: kodi mlendo angazione yekha? Zakuti chitseko n'chamtengo, n'chachikulu, chagawidwa m'mizere, maso anena kale, ndiye zituluke. Zakuti wakhala pampandoyo ndi mfumu ya nyumba yomwe chitsekocho chinkatseka, maso sanganene, ndiye zikhale. Mawu otamanda ngati "odziwika kwambiri" nawonso amatuluka. Munthu sangatsutse kapena kutsimikiza zimenezo ali chilili, ndipo malo amene mawuwo adya akanakwanira kumuonetsa chimene chinamutchukitsa mmisiriyo.

Zotsalazo zimakhalabe zambiri, choncho pamafunika kusankha nkhani imodzi. Chitseko cha Ikere chili ndi nkhani zosachepera zitatu: luso la Olowe, tsiku la kukumana kwa mfumu ndi mtsamunda, ndi ulendo wa chitsekocho kuchoka ku Ikere kufika ku London. Zonse zitatu sizingakwane mokwanira m'mawu 60. Imene ikhale patsogolo imatengera chipinda chimene chitseko chaikidwamo. Ngati chipindacho ndi cha amisiri osema, luso litsogola. Ngati ndi cha nthawi ya atsamunda, machila atsogola. Ine ndasankha kukumanako, chifukwa ndiko kumene kukuoneka pathabwa, ndipo ulendo wa chitseko ndauika kumapeto m'mizere itatu.

Mfumu ikulandira mlendo wa m'machila

Onani kumanzere: mfumu ya ku Ikere yakhala pampando,
itavala chisoti chachifumu, mkazi wake wamkulu ali kumbuyo.
Kumanja bwana wachitsamunda, amene akuti ndi Kaputeni Ambrose,
akubwera atanyamulidwa m'machila.
Olowe wa ku Ise anasema chitsekochi cha m'ma 1910.
Mu 1924 chinapita ku chionetsero ku London.
Mfumu inakana kuchigulitsa;
inachisinthanitsa ndi mpando wachifumu wopangidwa ku Britain.

Pansi pake, m'zilembo zing'onozing'ono, pabwere chiphaso chija: Olowe wa ku Ise (cha m'ma 1873 mpaka 1938), Ikere, Nigeria, mtengo wa iroko ndi utoto, ndi nambala ya m'kaundula.

Mawu ofotokozawo ndi 53, osawerengera mutu. Onani kuti si lebulo yakale yochepetsedwa. Zambiri zimene zili muno, monga mkazi wa mfumu, machila, Ambrose ndi kukana kugulitsa, m'yakale ija munalibe. Yaifupiyi ili ndi mfundo zogwirika zambiri kuposa yaitali.

Yalembedwanso moti munthu akhoza kuchokapo paliponse osataya zonse. Wowerenga mutu wokha wadziwa kuti pali mfumu ndi mlendo. Wofika mzere wachinayi wapeza anthu awiriwo pachitseko. Wofika pamapeto wadziwa mmisiri ndi njira imene chitsekocho chinadzera. Kuduladula mizere pamene munthu amapumira polankhula, mfundo imodzi pamzere umodzi, ndi njira imene imadziwika ndi dzina la Margareta Ekarv, mlembi wa ku Sweden amene anabwera nayo kuchokera ku ntchito yolemba mabuku osavuta kuwerenga a anthu akuluakulu. Phindu lake pa chitseko ndi lakuti diso likachoka papepala kukafunafuna machila, pobwerera limapeza mosavuta pamene linasiyira.

Mawu ang'onoang'ono amene amasenza katundu wolemera

Mawu akachepa, lililonse limalemera, ndipo apa mpamene olemba amachedwa masiku ambiri.

Taonani liwu lakuti "akuti". Pachitseko palibe dzina losemedwa. Kuti wa m'machilayo ndi Kaputeni Ambrose zimachokera ku zimene anthu anasimba ndi kulemba pambuyo pake, ndipo mabuku sagwirizana pa chaka chenicheni cha ulendo wake. Katswiri angafune ndime yathunthu yofotokoza zimenezi. Wofupikitsa wosasamala amangochotsa chikaikocho n'kulemba kuti "uyu ndi Ambrose", ndipo wanena zoposa umboni. Njira yapakati ndi kusunga chikaikocho m'liwu limodzi. "Cha m'ma" akugwira ntchito yomweyo pa chaka. Chaka cha ulendowo ndachisiya dala, chifukwa mlendo sakuchifuna kuti amvetse zimene akuona.

Lovuta kwambiri ndi liwu lonena mmene chitseko chinafikira mu myuziyamu. Lebulo yakale inati "chinapezedwa", ngati kuti munthu anachitola panjira. Liwu limeneli silinama, koma silinena kanthu. Ena angafune kuti palembedwe "chinalandidwa", ponena kuti mfumu yokhala pansi pa ulamuliro wa atsamunda inalibe ufulu weniweni wokana mpaka kalekale. Ena amati kulemba choncho n'kuichotsera mfumu ulemu wake, popeza inakana ndalama ndipo inakambirana mpaka kupeza chimene inavomera. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Lebulo ya mawu 53 singathetse mlandu umenewu. Chimene ingathe ndi kunena zochitika motsatana, ndi kutchula amene anachita chilichonse: chinapita, inakana, inasinthanitsa. Komabe amene amati "inachisinthanitsa" likumveka ngati malonda a anthu ofanana mphamvu sakulakwa, ndipo n'chifukwa chake mawu oti "bwana wachitsamunda" ndawasiya pamwamba, kuti wowerenga adziwe nyengo imene zinthuzi zinkachitika.

Palinso kusuntha kwa dzina. Lebulo yakale inayamba ndi mtundu wa anthu, dzina la mmisiri n'kubwera pakati. Kwa zaka zambiri zosemasema za mu Afirika zinkaonetsedwa motero, mtundu patsogolo ngati kuti mudzi wonse unagwira kasemasema mmodzi, pamene chojambula cha ku Ulaya chinkayamba ndi dzina la munthu. Pamene mmisiri akudziwika, monga Olowe, kumuika kukhala mwini chiganizo sikudya malo owonjezera. Pamene sakudziwika, mamyuziyamu ena tsopano amalemba kuti "dzina la mmisiri silinalembedwe" m'malo mwa "wosadziwika", chifukwa kwawo ankadziwika, amene anatenga chinthucho ndiye sanalembe.

Kanthu kena kakang'ono kamene kamasocheretsa anthu: m'makaundula a akatswiri, kumanzere nthawi zina kumatanthauza kumanzere kwa chinthucho chikanakhala munthu woyang'anana nanu. Pa lebulo, kumanzere kuzikhala kumanzere kwa woonayo. Mukakopera za m'kaundula osafufuza, mlendo adzafunafuna mfumu kumene kuli machila.

Zimene zatayika

Amene amadandaula kuti lebulo zazifupi zimataya chuma ali ndi umboni pa chitsanzo chathu chomwechi. Kasemedwe ka Olowe, komwe ndi chifukwa chachikulu chimene akatswiri amachikondera chitsekochi, katsala kunja. Anthu a m'mizere ina yonse sanatchulidwe. Liwu lakuti Ogoga lasanduka "mfumu", ndipo munthu wa ku Ikere akhoza kumva kuwawa kuona udindo wa kwawo wafafanizidwa. Chitseko chachiwiri chimene Olowe anasema nachonso palibe.

Ndipo pali chimene ngakhale lebulo yakale sinachikhudze. Chitseko cha mu myuziyamu sichitsekanso kanthu. Chilibe khoma, chilibe bwalo kumbuyo kwake, palibe woima pakhomo kudikira kuti amulole kulowa. Pamene chinali kwawo, munthu wobwera kwa mfumu ankakumana ndi chithunzi cha mfumu ikulandira mlendo wamphamvu itakhala phee pampando. Lebulo ina yabwino ikanatha kuyambira pamenepa, n'kusiya nkhani ya ku Wembley. Sikuti imeneyo ikanakhala yolakwa. Ikanakhala yosankha zina.

Mamyuziyamu amayesa kuchepetsa kutayikaku poyala mawu m'magawo. Zokhudza zinthu zonse za m'chipinda, monga mbiri ya nyumba zachifumu za Ayoruba, zimapita pa chikwangwani chachikulu cha pakhoma, zilembedwe kamodzi m'malo mobwerezedwa pa chinthu chilichonse. Zakuya zimapita m'buku la chionetsero, m'mawu omvera kumakutu, kapena pa kodi ya QR yojambula ndi foni. Otsutsa amayankha kuti anthu ofika kumagawo akuyawo ndi ochepa, choncho chimene chasiyidwa pa lebulo, kwa alendo ambiri chasiyidwiratu. Zimenezinso n'zoona, ndipo n'chifukwa chake kusankha kwa mawu 53 aja kumakhala nkhani ya msonkhano, osati ya munthu mmodzi.

Mungadziwe bwanji kuti yagwira

Kuwerenga mawu ndi chala sikokwanira, makamaka m'Chichewa. "Inachisinthanitsa" ndi liwu limodzi, koma zinenero zina zingafune mawu atatu kapena anayi kuti zinene zomwezo, ndiye mawu 60 a Chichewa amatenga malo ndi nthawi yochuluka kuposa mawu 60 a Chingerezi. Muyeso wabwino ndi wotchi. Patsani munthu amene sanaonepo lebuloyo kuti aiwerenge chamumtima ali chilili, inu muyeze nthawi. Ikapitirira kwambiri masekondi 20, pali choti chichoke. Kenako aiwerenge mokweza. Pamene wapunthwa kapena wabwerera m'mbuyo, chiganizocho n'chopindika.

Mawu abwino amafanso ndi kaikidwe koipa. Mtengo wopakidwa utoto amauonetsa m'kuwala kochepa kuti utotowo usafwifwe, ndiye zilembo ziyenera kukhala zazikulu, zakuda papepala lowala. Lebulo ikhale pambali pa chitseko, pamsinkhu woti woima ndi wokhala pa njinga ya olumala onse aiwerenge, komanso pamalo oti munthu aone pepala ndi chitseko popanda kusuntha phazi. Lebulo yonena kuti "onani kumanzere" itaikidwa pamene chitseko chili kumbuyo kwa wowerenga yatha ntchito isanayambe.

Kuyesa komaliza kumachitika m'chipinda momwemo. Musanasindikize pa chitsulo kapena pulasitiki, matani lebuloyo pa pepala wamba, mukhale pakona ndi kabuku, muziyang'ana mitu ya anthu osati nkhope zawo. Pa lebulo yamtundu wakale mutu umawerama, umakhala pansi kwakanthawi, kenako munthu amachoka osayang'ananso chitseko. Pa imene yagwira, mutu umawerama, umadzuka kuyang'ana kumanzere, umabwerera papepala, umadzukanso kuyang'ana kumanja. Ngati ali awiri, mmodzi amatambasula chala kuloza machila. Potuluka mufunseni mmodzi kuti waona chiyani. Akayankha kuti "chitseko chokongola cha ku Nigeria", bwererani kukalemba. Akayankha kuti "mfumu ija inakana kugulitsa", lembani m'kabuku kuti mzere wachisanu ndi chiwiri wafika, ndipo mufunse wotsatira ngati wakumbukira dzina la amene anachisema.